Tinajambula sikiripiti yakale, tizitani?

"Achimwene, tili ndi kagulu kojambula mavidiyo a malonda kuno ku Mbare. Sabata yatha tinaswera ku Highfield tikujambula, kenako kasitomala n'kunena kuti mawu amenewo anawasintha kale pa WhatsApp. Tizitani kuti zisachitikenso?"

Achemwali, choyamba chotsani mawu akuti final pa dzina la fayilo. Mawu amenewa ndimadana nawo, chifukwa mawa kubwera final2, mkuja final_final, ndiye palibe angadziwe yatsopano. Dzina lizikhala chonchi:

```
sopo30_v03_2025-06-10.pdf
```

Dzina la ntchito, nambala, tsiku. Muzilemba v03 osati v3, apo ayi pa kompyuta zina v10 imakakhala pamwamba pa v2. Koma dzina la fayilo silituluka pa pepala mukapulinta, ndipo apa ndi pamene ambiri amagwera. Nambala ndi tsikulo zilembedwenso pamwamba pa tsamba lililonse. Gulu lizilandira PDF yokha, ndipo wosintha sikiripiti ndi kupereka nambala akhale munthu mmodzi basi.

Tsono za kasitomala. Tinene kuti v03 yapita Lachiwiri. Lachitatu usiku abwana atumiza uthenga wa mawu kuti mtengo wa sopo m'gawo 4 si $2 koma $2.50, mkazi wawo aimbira wa kamera kuti gawo 6 lichoke, pomwe wa zamalonda akufuna gawo latsopano la pamsika. Zonsezi si kusintha ayi, ndi nkhambakamwa chabe mpaka zitalembedwa. Wolemba azisonkhanitse pa pepala limodzi: gawo, ananena ndani, liti, mwachita kapena mwakana. Pepalalo libwerere kwa munthu mmodzi amene kasitomala anamusankha. Akagwirizana, mutulutse v04, mzere uliwonse wosintha muikepo * kumanja kuti asavutike kuufufuza. "Zili bwino" kapena kachala kokweza si chivomerezo. Alembe kuti "Ndavomereza v04".

Akavomereza, manambala a magawo musawakhudzenso. Gawo la pamsika lija likhale 4A, ndipo 6 ikhalebe pamalo pake mutalembapo OMITTED, kutanthauza kuti lachotsedwa. Mukasuntha manambala, 5 isanduka 6, mndandanda wa wa kamera usiyana ndi wa ochita sewero, ndipo wolumikiza zithunzi adzasokonezeka pofufuza zojambulidwa. A mafilimu akuluakulu amasinthanso mtundu wa pepala, loyera, kenako labuluu, lapinki, lachikasu. Kwa vidiyo ya masekondi 30, kugula mapepala onsewo n'kuwononga ndalama. Kungokhwatcha pakona ndi cholembera cha mtundu wina kwakwana.

Usiku woti mawa mujambula, uthenga woitanira anthu utchule v04, ndipo mupulintiretu magetsi akadalipo. M'mawa kamera isanayatsidwe, aliyense awerenge mokweza nambala ili pa pepala lake, ngakhale amene akuwerengera pa foni. Wapezeka ndi v03, mumulande pomwepo n'kuing'amba.