Chuma chakwera, nanga bwanji ufa ukuvuta kugula?

"Pawailesi akuti GDP yathu yakwera, koma ine thumba la chimanga likundikanika kugula. Kodi amatinamiza?"

Achimwene, nambalayo ikhoza kukhala yoona, kungoti siyeza zimene mukuziona m'khitchini mwanu. GDP ndi mtengo wa katundu ndi ntchito zonse zimene zapangidwa m'dziko pa chaka chimodzi, ndipo amene amaiwerengera ndi a ofesi ya kalembera ku Zomba.

Amawerenga chimene aliyense wawonjezerapo basi. Tiyerekeze kuti mlimi wagula mbewu ndi feteleza za K20,000, n'kugulitsa chimanga chake K50,000: wawonjezerapo K30,000. Wachigayo wagula chimangacho n'kugulitsa ufa K65,000: yake ndi K15,000, tikapanda kuchotserako zamagetsi. Sawonkhetsa K50,000 ndi K65,000, chifukwa chimanga chomwecho chingawerengedwe kawiri. Chimanga chimene banja lalima n'kudya lokha nachonso amachiyerekeza mtengo n'kuchilowetsamo. Kukwera kwa mitengo amakuchotsa kaye asananene kuti chuma chakula.

Tsono vuto lanu lagona apa. Kalembera wa 2018 anapeza kuti tinalipo 17.5 miliyoni, ndipo tinkachuluka ndi pafupifupi 2.9 peresenti pachaka. Mu 2023 chuma chinakula, inde, koma osafika 2 peresenti. Ndiye kuti m'phikamo nsima yawonjezekera pang'ono, pomwe odya achuluka kuposa pamenepo. Wolengeza sananame, koma gawo la munthu mmodzi lachepa. Komanso gawo limenelo ndi la papepala chabe, amangogawa chuma chonse ndi chiwerengero cha anthu. Fodya wa maesiteti akachita bwino nambala imakwera, ngakhale tenanti amene wamulima atapita kwawo chimanjamanja.

Chimene chimandinyansa ine kwambiri n'chakuti GDP sichotsera chuma chimene chawonongeka. Namondwe Freddy atagumula nyumba ndi milatho ku Blantyre, Mulanje ndi Phalombe mu Malichi 2023, mtengo wa nyumbazo sunachotsedwe mu GDP. Chinaoneka ndi mbewu zokokoloka ndi ntchito zimene zinaima. Koma simenti, malata ndi malipiro a amisiri omanganso zinalowamo ngati zatsopano, chonsecho banjalo likungoyesa kubwerera pomwe linali. Makala nawonso chimodzimodzi: thumba likagulitsidwa m'tauni ndi chuma, koma phiri lotsala lopanda mitengo palibe amalilemba ngati chotayika.

Ndiye pali amayi. Mayi akamaphika, kuchapa, kulera ana ndi kudwazika agogo osalandira kalikonse, GDP siona kanthu. Mayi yemweyo akalembedwa ntchito yomweyo panyumba ya ena ku Area 47, malipiro ake awerengedwa.

Mukamvanso kuti yakwera, funsani kuti yakwera ndi zingati poyerekeza ndi kuchuluka kwa anthu, ndipo ndi gawo liti lakweza, ulimi wa alimi ang'onoang'ono kapena mabanki ndi makampani a mafoni. Kenako onani kuti malipiro anu akugula makilogalamu angati a chimanga lero poyerekeza ndi chaka chatha.