Ndalama zanga zili ku banki, nanga zimene akongoza anthu ndi za yani?

"Ndine mlimi wa mbatatesi ku Tsangano. Nditagulitsa zokolola ndinasungitsa mametikali 100,000 ku banki ku Ulongwe. Mphwanga akuti banki inakongoza kale ndalama zangazo kwa ena. Koma ndikayang'ana pafoni zikuonekabe zonse. Akunama ndani, mphwanga kapena banki?"

Bambo, palibe akunama. Mukasungitsa ndalama, banki siiziika m'thumba lolembedwa dzina lanu. Ndalamazo zimakhala za bankiyo, ndipo inu mumatsala ndi lonjezo loti idzakupatsani tsiku lililonse mukazifuna. Nambala imene mukuona pafoniyo ndi ngongole imene banki ili nayo kwa inu.

Lamulo silikakamiza banki kusunga zonse. Imangoyenera kusiya gawo lina ku Banki Yaikulu ya Mozambiki, ndipo kukula kwa gawolo kumasintha. Kumayambiriro kwa 2023 linali 10.5 pa 100 iliyonse, pakati pa chaka chomwecho linafika 39, ndipo mu Januwale 2025 analitsitsa kufika 29.

Tiwerengere pa 39. Pa 100,000 yanu banki isiya 39,000, yotsala 61,000 ikongoza wamalonda wina wa ku Ulongwe amene akufuna kupikula feteleza. Iye alipira mwini golosale yaikulu mumzinda wa Tete, ndipo ameneyo asungitsa 61,000 ku banki yake. Tsopano inu muli ndi 100,000, mwini golosale uja ali ndi 61,000, ndipo nonse mungathe kugulira zinthu lero lomwe. Palibe amene wasindikiza pepala latsopano, koma ndalama zogulira zinthu zakwana 161,000. Banki yachiwiri ija nayo isiya 23,790 n'kukongoza 37,210, ndipo zikasungitsidwanso chiwerengero chifika 198,210. Ulendo uliwonse ngongole ikucheperachepera, choncho sizipitirira mpaka kalekale. Malire ake mumawapeza pogawa 100,000 ndi 0.39, zomwe zikupereka pafupifupi 256,000. Pa 10.5 paja malirewo akanapitirira 950,000. Mukuona chifukwa chake Banki Yaikulu, ikafuna kuchepetsa ndalama zoyenda pakati pa anthu kuti mitengo ya zinthu isathamange, imakweza gawoli.

Komatu masamu amenewa ndi a papepala. Kuno kwathu malirewo safikidwa. Wogula mbatatesi amalipira ndalama zogwirika, mlimi n'kuzisunga m'nyumba kudikira nyengo ya feteleza, ndipo ndalama imene yagona pansi pa mphasa siibala ngongole ina. Mabanki nawonso sakongoza aliyense wogogoda pakhomo. Amafuna chikole ndi umboni wa malipiro, ndipo kawirikawiri amaona kuti kukongoza boma n'kosavuta kuposa kukongoza mlimi wodalira mvula. Ine izi sizindisangalatsa, chifukwa ndalama za alimi a ku Angoniya zimakagwira ntchito kutali ndi minda imene zinachokera.

Pali chinanso chimene mphwanu sanakuuzeni. Masiku ano banki siichita kudikira inu kuti ikongoze. Ikavomera ngongole, imangolemba nambala mu akaunti ya wokongolayo, ndipo ndalama yatsopano yabadwa pomwepo. Kenako ndi pamene imayang'ana ngati ili ndi zokwanira ku Banki Yaikulu, ndipo zikaperewera imabwereka kwa mabanki anzake pa chiwongoladzanja. Wokongola uja akabweza ngongole, nambala ija imafufutika, ndalamazo n'kutha monga zinabwerera.

Nanga bwanji mukapita kukatapa amakupatsani? Chifukwa anthu satapa onse tsiku limodzi. Pamene inu mukutapa 20,000 ya aganyu, wafodya wa ku Makanga akusungitsa zake. Vuto limabwera pawiri. Okongola ambiri akalephera kubweza, chuma cha eni banki chimadyeka mpaka kutha. Ndipo mphekesera ikabuka, anthu onse n'kuthamangira kukatapa, ngakhale banki yoyenda bwino imagwada, poti zambiri zili m'manja mwa okongola amene nthawi yawo yobweza sinakwane. Dziko lino linaziona mu 2016, pamene Banki Yaikulu inalowerera kuyendetsa Moza Banco, kenako n'kutseka Nosso Banco. Thumba loteteza osungitsa ndalama linkabweza mametikali osapitirira 20,000 kwa munthu mmodzi nthawi imeneyo.

Makina otapira ndalama akakhala opanda kanthu kumapeto kwa mwezi, musafulumire kuda nkhawa, nthawi zambiri ndi galimoto yobweretsa ndalama imene yachedwa. Chodetsa nkhawa ndi banki imene yayamba kukuikirani malire achilendo pa ndalama zanu zomwe kwa masabata angapo, kapena yolonjeza chiwongoladzanja choposa kwambiri cha mabanki ena onse. Mukapitanso ku Ulongwe, afunseni kuti thumba lija likuteteza ndalama zingati lero. Ngati zanu zikuposa pamenepo, zigaweni m'mabanki angapo, chifukwa malirewo amawerengedwa pa banki iliyonse payokha.