Mameseji a WhatsApp akufika pokhapokha ndikatsegula, nditani?

"Abale ndithandizeni. Ndimagula soya ndi mtedza pa Kamwendo, makasitomala aku Lilongwe amandilembera pa WhatsApp koma foni siyilira, ndikangotsegula apu mameseji onse amabwera nthawi imodzi, ena a m'mawa ndimawaona madzulo. Foni ndi Tecno. Wina akuti ndikaifulashitse, kodi ndipite?"

Achemwali musapite kukafulashitsa, mutaya ndalama ndi zithunzi zanu pachabe ndipo foni ikabwerako izichitabe zomwezo, chifukwa izi sikuti foni yafa ayi, ndi masetingi. Koma musanayambe kudinadina m'masetingimo pangani kaye kamayeso kamodzi aka, kakuuzani komwe kuli vuto.

Chotsani foni pa tchaja, zimitsani sikirini, muyiyike patebulo osaigwira kwa mphindi ngati 30, deta isiyeni yoyatsa. Zochotsa pa tchajazi musazidumphe chifukwa foni ikakhala pamoto siigona tulo tofa nato ndiye zikhoza kuoneka ngati zonse zili bwino pomwe ayi. Kenako wina amene muli naye pafupi, mwana wanu kaya mnzanu wapasikelo, akutumizireni meseji ku namba yanu, osati mu gulupu, ndipo nonse muyang'ane timatiki pa foni yake ija. Foni yanu musaikhudze. Tiki imodzi ikutanthauza kuti meseji yachoka kwa iye koma siinalowe mufoni mwanu. Matiki awiri ndiye kuti yalowa. Ndati osati mu gulupu chifukwa mu gulupu matiki awiri amadikira kuti aliyense alandire, ndiye sangakuuzeni za foni yanu yokha.

Matiki awiri akabwera pompo koma foni yanu ili zii, vuto si la batire, meseji yafika kungoti foni yaletsedwa kukuuzani. Apo onani Settings, Apps, WhatsApp, Notifications kuti ndi zoyatsa, onaninso Do not disturb, komanso ngati munthuyo simunamuyike Mute kapena ku Archived. Mafoni a Android 13 kupita kutsogolo amafunsa chilolezo cha manotifikeshoni apu ikangoikidwa kumene ndipo ambiri timangodina Don't allow mothamanga. Izi nzachidule, mphindi ziwiri mwamaliza.

Koma momwe mwafotokozeramu, zoti onse amakhuthuka pamodzi mukatsegula, ine ndikuona kuti mupeza tiki imodzi, ndipo idzasanduka awiri nthawi yomweyo imene mutsegule WhatsApp. Ndiye tiyeni tikhazikike pamenepa.

Nkhani ili chonchi. Sikirini ikazima, foni siisiya apu iliyonse ili maso kumvetsera, batire ikanatha isanakwane 12 koloko. Kuyambira pa Android 6, yomwe inatuluka mu 2015, muli chinthu chotchedwa Doze, foni ikakhala yosagwiridwa, sikirini yozima, isali pa tchaja, imatseka intaneti ya ma apu nkumangoitsegula kakanthawi kochepa mwa apo ndi apo, ndipo ikakhalitsa chigonere mipata ija imatalikirana. Amene amatsala ali maso ndi mmodzi, Google Play services, ali ngati mlonda wapageti yemwe amalandira uthenga woti kwabwera meseji ndiye nkukadzutsa WhatsApp kuti itenge. Pa meseji za macheza kudzutsa kumeneku kumaloledwa ngakhale foni ili mu Doze, ndiye Doze payokha siyenera kukuchedwetserani meseji mpaka madzulo. Zikafika pa maola ambiri choncho ndiye kuti chimodzi mwa ziwiri chachitika, kaya WhatsApp yaletsedwa kudzuka, kaya uthenga woidzutsawo sukufika nkomwe mufoni.

Tiyambe ndi choyambacho. Dinani kachizindikiro ka WhatsApp osachotsa chala mpaka patuluke App info, lowani pa Battery. Pa mafoni atsopanoko mupeza zitatu, Unrestricted, Optimized ndi Restricted. Sankhani Unrestricted. Ngati yanu ndi yakaleko sizilembedwa choncho, lowani mu Settings, pamalo ofufuzira pamwamba lembani Battery optimization, sankhani All apps, pezani WhatsApp nkuyika pa Don't optimize. Mukadali mu App info momwemo lowani pamene palembedwa za deta, Mobile data & Wi-Fi kapena Data usage, muyatse Background data komanso Unrestricted data usage. Chachiwirichi ndi chofunika ngati munayatsa Data Saver, ndipo ndikudziwa ambiri tinayatsa poopa kuti bandulo ingathe msanga, koma Data Saver ntchito yake ndi yomweyo yotseka deta ya ma apu amene simunawatsegule.

Apa ndi pomwe ambiri amalekera nkumati ndapanga zonse koma sizikutheka. Mafoni a Tecno, Infinix ndi itel, omwe ndi a kampani imodzi ya Transsion, amabwera ndi zosungira batire zawozawo pamwamba pa za Android zija, nthawi zambiri mu apu ya Phone Master. Tsegulani imeneyo mufufuze Auto-start management, muonetsetse kuti WhatsApp ndi yololedwa. Ikakhala yosaloledwa pamenepo, foni ikangoitseka siingadzukenso yokha olo mutayika Unrestricted kuja. Kenako tsegulani WhatsApp, mupite pamene pamaoneka ma apu onse amene mwatsegula posachedwa, pa WhatsApp pamenepo pali njira yoikira loko, mafoni ena umakokera pansi ena umadina kachizindikiro kapamwamba, mukaona kaloko kaoneka ndiye kuti mukamasesa ma apu onse iyo izitsala.

Ndipo zosesazi achemwali ndikupemphani, chepetsani. Pali chizolowezi choti munthu akangomaliza kuyankha meseji adina kaja kochotsa zonse, kenako Phone Master kuti foni ipepuke, pena mpaka kukadina Force stop. Force stop ndiye yoopsa kwambiri pa nkhani yanuyi, apu imene yaimitsidwa choncho Android siilola kuti idzutsidwe ndi china chilichonse mpaka mwini wake aitsegule ndi chala, zomwe ndi ndendende zimene mukuonazi. Pa mafoni ena kusesa kuja kumachita pafupifupi zofanana. Ngati munaikamonso ma apu ena oti amayeretsa foni kapena kuziziritsa batire, achotseni, palibe chimene akukupindulirani.

China ndi Power saving. Ndikumvetsa, magetsi akazima tsiku lonse kapena muli kumidzi kokagula mbewu kopanda potchajira, munthu umayatsa kuti foni ifike madzulo. Koma Battery saver imachepetsa zimene ma apu amachita sikirini ikazima, ndipo ija ya Ultra ndiye imatseka pafupifupi zonse kusiya timaapu tochepa. Masiku amene mukudikira kasitomala kuti anene mtengo kapena kuti galimoto yanyamuka, izimitseni, batire muisunge pochepetsa kuwala kwa sikirini chifukwa sikirini ndi imene imadya moto wambiri kuposa WhatsApp yongodikira meseji. Onaninso ngati siimadziyatsa yokha batire ikatsika, mwina ndi chifukwa chake ena amati m'mawa zimayenda koma chakumadzulo ziii.

Tsopano chachiwiri chija, chimene anthu okonza mafoni ambiri sakufunsani nkomwe. Mumagula bandulo yanji? Ngati ndi ija ya WhatsApp yokha, kumbukirani kuti uthenga wodzutsa uja sudutsa ku WhatsApp, umachokera ku Google. Bandulo ikakhala yoti imangolola WhatsApp basi ndipo mulibe deta ina iliyonse, zimatheka kuti Google Play services ikulephera kulumikizana, ndiye WhatsApp ikagona palibe woidzutsa, mukaitsegula nokha imalumikiza bwinobwino chifukwa bandulo yake ilipo, mameseji onse khuthu. Kuyesa kwake nkosavuta. Mutatha kukonza masetingi aja bwerezani mayeso a patebulo kawiri, koyamba ndi bandulo yanu ya masiku onse, kachiwiri mutalumikiza ku hotisipoti ya mnzanu amene ali ndi deta wamba. Ngati pa hotisipoti matiki awiri akubwera m'masekondi ochepa koma pa bandulo yanu tiki ikukhala imodzi, mwalipeza vuto, ndipo mankhwala ake ndi kukhala ndi kabandulo kakang'ono ka deta wamba pambali. Kudzutsako sikudya deta yambiri, kungoti zimitsani zoti Play Store izidzikonzera ma apu yokha pa deta, apo bii kabandulo kaja kapita tsiku lomwelo.

Amene amakonda kufufuza akhoza kuimba izi pamalo oimbira foni:

```
*#*#426#*#*
```

Pa mafoni ambiri patuluka tsamba loonetsa ngati foni yalumikizana ndi Google pa nkhani ya manotifikeshoni kapena ayi. Mafoni ena satsegula kalikonse, musadandaule nazo, mayeso a matiki aja ndi okwanira.

Pajatu mu gulupu muno muli a Samsung ambiri ndiye ndinene mwachangu, kwa inu Phone Master kulibe, fufuzani Background usage limits mu Settings ku gawo la Battery. WhatsApp isapezeke pa Sleeping apps, makamaka pa Deep sleeping apps chifukwa apu ili pamenepo siigwira ntchito mpaka muitsegule, iyikeni pa Never sleeping apps. A Redmi fufuzani Autostart, ndipo pa batire ya apuyo musankhe No restrictions.

Ndikuuzeninso pomwe masetingi sangathandize kuti musamadzivute. Mukalowa kumidzi komwe netiweki imangobwerabwera nkuthawa, meseji zizichedwa ndithu mpaka mufike pamalo pogwira. Mukayandikira kumalire ku Mwami foni pena imakagwira netiweki ya ku Zambia deta nkuima, muziyang'ana dzina la netiweki pamwamba pa sikirini. Ndipo ngati foni yanu ili ya memore yochepa, monga zija za RAM ya 2GB, mukatsegula Facebook, TikTok ndi kamera pamodzi foni imatseka yokha zina kuti ipeze malo, apo loko ndi Auto-start zimathandiza koma osati kotheratu. Musamasule ma apu onse ayi, mukayika chilichonse pa Unrestricted batire izitha masana, masulani WhatsApp ndi ina imodzi kapena ziwiri zimene zimakubweretserani ndalama basi.

Pa oda yaikulu, ya matumba ambiri yoti galimoto ikudikira, auzeni makasitomala anu kuti akalemba nkuona tiki imodzi kwa mphindi zingapo aziimba foni wamba kapena kutumiza SMS, zimenezo sizidalira deta. Mukapanga mayesowo mubwere mutiuze kuti munaona matiki angati pa bandulo ndi angati pa hotisipoti, mutumizenso chithunzi cha Settings, About phone mutabisa manambala a IMEI, kuti tikulozereni pamene Auto-start ili pa modelo yanuyo chifukwa malo ake amasinthasintha.