Musachepetse sikirini, chepetsani mafremu

"Zikomo. Ndimaphunzitsa Excel kwa anzanga a kuntchito, ndipo kalasi ya maola awiri ndinaijambula pa sikirini ya laputopu ndi OBS. Fayilo yake ndi 3 GB. Nditaitsitsa kufika pa 480p inachepadi, koma manambala sakuwerengeka. Ndichite bwanji kuti ifike cha m'ma 150 MB koma anthu aziona zomwe ndikulemba?"

Tiyambe ndi masamu. Kukula kwa fayilo ya vidiyo ndi kuchuluka kwa deta pa sekondi kuchulukitsa ndi nthawi, basi. Maola awiri ndi masekondi 7200. Kuti zonse zikwane mu 150 MB, muli ndi pafupifupi 167 kbps, kutanthauza makilobiti pa sekondi, mawu ndi zithunzi pamodzi. Tsopano onani mawu okha. Akakhala pa 128 kbps, monga amakhalira m'mafayilo ambiri, amadya 115 MB pa maola awiriwo, zithunzi zisanatengeko kalikonse. Munthu mmodzi akulankhula pa maikolofoni imodzi safuna zonsezo. Mukawaika pa 48 kbps ndi njira imodzi ya mawu m'malo mwa ziwiri, amatsika kufika pa 43 MB, ndipo zithunzi zimatsala ndi 119 kbps. Ambiri mawuwa sawaganizirako n'komwe, amathamangira kudula chithunzi.

Kudula chithunziko ndi komwe kumandipweteka mtima. Malangizo akuti "tsitsani pa 480p" ndi a vidiyo ya kamera, pomwe nkhope ya munthu imazindikirikabe ngakhale itachita chimbuuzi. Zilembo sizitero. Pa sikirini ya 1920x1080 yosakulitsidwa, nambala ya m'bokosi la Excel imatalika mapikiseli 9 kapena 10, ndipo mizere yake ndi yopyapyala, pikiseli imodzi yokha. Mukatsitsa kufika pa 720p mwachulukitsa ndi magawo awiri mwa atatu, nambala ija yatsala ndi mapikiseli 6 kapena 7: imawerengeka, koma mofinya maso. Pa 480p yatsala ndi 4. M'mapikiseli anayi simungakwane timipata tosiyanitsa 3 ndi 8, kapena 5 ndi 6, ndipo kadontho ndi chizindikiro cha koma zimasanduka kabanga kamodzi. Palibe pulogalamu yomwe ingazibwezeretse pambuyo pake. Kalasi ya maakaunti yomwe 3 akufanana ndi 8 ndi yoipa kuposa kusatumiza kanthu, chifukwa wophunzira akopera nambala yolakwika ali ndi chikhulupiriro chonse.

Chinanso, phindu lake ndi lochepa kuposa momwe mungaganizire. Tsamba loyera la mizere yakuthwa limapanikizika mosavuta kwambiri. Mukalichepetsa, mphepete mwa chilembo chilichonse mumadzaza mitundu yotuwa yosiyanasiyana, ndipo imeneyo imafuna deta. Mapikiseli achepa ndi theka, fayilo osachepa ndi theka.

Mafremu, zithunzi zotsatizana zomwe zimapanga vidiyo, ndiye muli nawo ochuluka mopyola muyeso. Pa 30 pa sekondi, maola awiri ndi mafremu 216,000, ndipo ambiri mwa iwo ndi tsamba lomwelo, kamuvi kokha n'komwe kasuntha. Pa 5 pa sekondi amatsala 36,000. Kulemba m'mabokosi, kutsegula menyu, kusintha masilaidi, zonsezi zimaoneka bwinobwino pa 5. Kamuvi kamadumphadumpha, koma wophunzira amakatsatirabe. Ngati mumakonda kutsitsa ndi kukweza tsamba, kapena kukoka zinthu ndi mawusi, ikani pa 10, chifukwa pa 5 woonera amasokera, sadziwa kuti mzere womwe amayang'ana wapita kuti. Kunena mosabisa, sindiona chifukwa chojambulira kalasi ya Excel pa 60. Zimenezo ndi za osewera magemu.

Koma musayembekezere kuti kuchoka pa 30 kufika pa 5 kuchepetsa fayilo kasanu ndi kamodzi. H.264, njira yopanikizira vidiyo yomwe tigwiritse ntchito, sasunga fremu iliyonse yathunthu. Amasunga chithunzi chathunthu mwa apo ndi apo, kenako mafremu otsatira amangolemba zomwe zasintha, ndiye fremu yosasintha imadya zochepa zedi kale. Chodya deta ndi zithunzi zathunthuzo. Tiyerekeze kuti chimodzi ndi 150 KB, ndipo pojambula munaika kuti chizibwera masekondi awiri aliwonse, monga amachitira oulutsa pompopompo. Zimenezo ndi zithunzi 3600, kapena kuti 540 MB ya tsamba lomwelomwelo. Chikamabwera kamodzi pa mphindi, ndi zithunzi 120, 18 MB yokha. Mtengo wake ndi woti podumphira pakati pa vidiyo, pulogalamu yoonera imatha kuchedwa pang'ono kapena kukufikitsani pamalo oyandikira chabe. Pa kalasi ndi zopiririka.

Ngati pakona panali kabokosi ka nkhope yanu, nayenso ndi wolakwa. Chithunzi cha kamera chimanyezimanyezi fremu iliyonse, makamaka m'chipinda cha mdima, ndiye sichipuma ngati tsamba la Excel. Ulendo wina kachotseni. Ndipo pewani zilembo zofiira kapena zabuluu zazing'ono: mtundu wa yuv420p, womwe mafoni onse amatha kuonetsa, umasunga utoto pa theka la m'lifupi ndi theka la m'litali, choncho zofiira zimayamba kufufutika zakuda zikadali zakuthwa.

Zoti mulembe

Bwererani ku fayilo yoyamba ya 3 GB, osati ya 480p ija. Ikani ffmpeg, pulogalamu yosinthira mafayilo a vidiyo polemba malamulo, lembani dzina la fayilo yanu m'malo mwa `kalasi.mp4`, ndipo yesani kaye mphindi imodzi ya pakati, pomwe pali manambala ambiri:

```
ffmpeg -ss 00:40:00 -t 60 -i kalasi.mp4 -vf fps=5 -c:v libx264 -preset slow -crf 28 -g 300 -pix_fmt yuv420p -c:a aac -b:a 48k -ac 1 yesero.mp4
```

Pamenepa `-g 300` pa mafremu 5 ndi mphindi imodzi ija. Chulukitsani kukula kwa `yesero.mp4` ndi 120 kuti mudziwe pomwe fayilo yonse ikathere: 1.2 MB ndiye kuti pafupifupi 144 MB. Ikakula, kwezani `-crf` kufika pa 30 kapena 32. Kuwonjezera 6 kumadula zithunzi pafupifupi ndi theka. Mudzadziwa kuti mwapyola mukaona timadontho ngati udzudzu mozungulira zilembo, kapena tsamba likamachita chimbuuzi mukangolitsitsa n'kuyera patapita kanthawi. Yeseroli lioneni pa foni yomwe ophunzira adzagwiritse ntchito, osati pa laputopu panu. Mukakhutira, chotsani `-ss 00:40:00 -t 60`, muyendetse yonse.

Ikakanabe, dulani m'mbali musanaganize zochepetsa. `crop=1280:720:0:200,fps=5`, mukailemba m'malo mwa `fps=5` pambuyo pa `-vf`, imatenga chigawo cha 1280x720 kuyambira kumanzere, mapikiseli 200 kuchokera pamwamba, zilembo zili momwe zinalili. Onetsetsani kuti mzere wa fomula sunadulidwe. Kuchepetsa kwenikweni, `scale=-2:720:flags=lanczos,fps=5`, kumayenera pokhapokha ngati munakulitsa Excel kufika pa 150% pojambula, kapena `scale=-2:1080,fps=5` ngati sikirini ndi ya 4K yomwe Windows anaikulitsa pa 200%.

Potumiza pa WhatsApp sankhani Document, yomwe imalola mpaka 2 GB. Mukaitumiza ngati vidiyo wamba, aipanikizanso okha, ndipo manambala aja afufutikanso.