Mayi sanalodzedwe, akusiya kusamba

"Anti, mayi anga ali ndi zaka 49. Usiku amadzuka thukuta lili kamukamu, masana sachedwa kupsa mtima. Bambo akuti awalodza. Ndiwayambe bwanji osawachititsa manyazi?"

Mwana wanga, kalata yako yandifika pamtima chifukwa njirayi ndinadutsamo ndekhandekha. Zinandiyamba m'tchalitchi, mwezi wa Juni, anzanga atavala majuzi. Kutentha kunachoka pachifuwa n'kukwera kumaso, bulauzi yonse n'kunyowa, patapita mphindi zochepa ndinayamba kunjenjemera. Ndinayezetsa malungo, sanapezeke. Msambo unkabwera mwezi uno, n'kusowa miyezi iwiri, kenaka n'kubwera wambiri. Tulo tinathawa, ndipo ana ndinkawakalipira pa nkhani ya supuni. Namwino wina ndi amene anandikhazika pansi n'kundiuza kuti mahomoni otchedwa esitirojeni akuchepa m'thupi, ndipo amayi ambiri zimawapeza pakati pa zaka 45 ndi 55.

Chimandiwawa n'chakuti mtsikana akatha msinkhu, anankungwi amamuzungulira ndi malangizo, koma msambo womwewo ukamatha sipapezeka womulangiza. Kumeneku n'kutayana. M'malo mwake timamva zoti mayi wosiya kusamba akakhala malo amodzi ndi mwamuna, mimba imatupa. Limenelo ndi bodza, ndipo lasokoneza mabanja. Zoona zake n'zakuti kumaliseche kumauma, choncho kugonana kumatha kupweteka, ndipo mafuta ofewetsa a kufamase amathandiza. Abambo ambiri sadziwa zimenezi, amangoti akukanidwa.

Komanso msambo ukamadumphadumpha, mimba ingathe kulowabe. Timati mayi wasiya kusamba pakatha miyezi 12 yathunthu osaona magazi, ndiye asafulumire kusiya kulera asanafunse kuchipatala. Magazi akabweranso miyezi 12 ija itadutsa, asazengereze, akayezetse chifukwa nthawi zina chimakhala chizindikiro cha khansa ya chiberekero. Thukuta la usiku likabwera ndi chifuwa chosatha ndi kuonda, akayezetse TB.

Tsono poyambira. Usawafunse pamaso pa bambo kapena alongo ako. Dikira muli awiri, mwina mukusadzula masamba, unene kuti, "Amayi, ndaona simukugona bwino, bwanji ndikuperekezeni kuchipatala?" Ngati pakamwa pakulemera, pempha achemwali awo kapena mnzawo wa kumvano amene anadutsamo kale. Bambo afotokozeredwe ndi munthu wamkulu amene amamumvera, kapena apite ndi mayi akamve okha kwa adokotala, ndalama zisathere kwa asing'anga.

Pakhomo, mayi azivala zopepuka, achepetse tsabola ndi tiyi wotentha wa usiku, ndipo usipa kapena matemba azidya ndi minga yomwe, poti mafupa amayamba kufooka pa msinkhu umenewu. Kutentha kukamawalepheretsa kugona ndi kugwira ntchito, afunse adokotala za mankhwala a mahomoni, omwe si aliyense amayenera kumwa.