Wadzuka masana ndiwe, osati apongozi

"Agogo, ndine mkamwini ku Chitakale, ndimagwira ya ulonda usiku ku esiteti ya tiyi. Dzana nditadzuka cha m'ma 2 koloko masana ndinapatsa moni apongozi aakazi kuti, 'Mwadzuka bwanji?' Iwo anangoti, 'Tadzuka kalekale, bambo.' Ndinalakwa pati?"

Mdzukulu wanga, unawafunsa za tulo tako. Moni umafunsa za nthawi imene wadutsamo mnzakoyo. Mayiwo anadzuka tambala woyamba, asesa pabwalo, atunga madzi, akapalira nandolo, adya nsima ya masana. Ndiye wina akutuluka m'nyumba maso ali psuu n'kumati mwadzuka bwanji, ngati kuti nawonso angochoka pamphasa. Kwa munthu wolima, kumeneko ndi kumutchula mlesi. Sanakwiye ayi, anangokukonza mwaulemu, paja mpongozi sakalipira mkamwini pamaso.

"Mwadzuka bwanji?" amafunsa za usiku: mwagona bwino kodi, thupi silinavute? Moni ameneyu amakoma kuyambira m'bandakucha mpaka dzuwa litakwera ndithu. Likafika paliwombo n'kuyamba kupendeka, timati "Mwaswera bwanji?", chifukwa kuswera ndi kukhala tsiku lonse uli pa zochita zako. Ameneyu amatifikitsa mpaka madzulo, ngakhale kutada. Ife tinalibe mawotchi, tinkangoona chithunzithunzi cha mtengo. Tsiku la chiperoni, phiri litabisala mu nkhungu, tinkayendera m'mimba: ngati nsima yadyedwa, anthu aswera.

Poyankha usasinthe mawu. Akati mwadzuka, iwe "Ndadzuka bwino, kaya inu?" Akati mwaswera, "Ndaswera bwino, kaya inu?" Achinyamata mwazolowera kungoti "Ndili bwino" kapena "bobo" pa chilichonse, ndiye zimamveka ngati funso silinalowe m'khutu. "Kaya inu" uja usamusiye, ndiye amene amapatsa mnzako mpata wonena zake. Ndipo uzimvetsera yankho lake. Wamkulu akati "Tadzuka pang'ono" kapena "Tadzuka choncho", pakhomopo pali matenda. Usapitirire ulendo. Khala pansi, unene pepani, ufunse kuti chavuta n'chiyani.

"Muli bwanji?" alibe ola, koma ndi wa mlendo kapena munthu amene mwatha masiku osaonana. Ukamugwiritsa ntchito kwa apongozi amene mumadyera nkhokwe imodzi, adzadabwa kuti kodi bambowa anali ku Joni.

Tsono mawa uchite chonchi. Pobwera ku ntchito m'mawa, usanakagone, ima chapatali, vula chipewa, unjute pang'ono uku ukuwomba m'manja, n'kuti, "Mwadzuka bwanji, amayi?" Ukadzuka masana, "Mwaswera bwanji, amayi?" Iwo akafuna kukuseka n'kukufunsa kuti "Mwadzuka bwanji, bambo?" dzuwa litapendeka, uyankhe kuti "Ndadzuka bwino", poti kwa iwe n'zoona.