Sikiripiti yanga yalipira anthu 11 kawiri, ndiyikonze pati?

"Abale, thandizeni. Ndili ndi sikiripiti ya Python yomwe imalipira ma ejenti athu 400 Lachisanu lililonse kudzera pa API ya kampani ina ya ndalama za pafoni. Ikalipira anthu ngati 60 imayamba kubweza `429`, pena `ReadTimeout`. Ndinaika kuti ikalephera izibwereza, ndiye Lachisanu lapitali anthu 11 alandira K25,000 kawiri. Abwana ku Limbe akundidikira Lolemba."

Pepani achimwene, K275,000 si yocheza nayo. Koma musayambe ndi kuchotsa kubwerezako. Vuto ndi lakuti mauthenga awiriwa mwawapatsa mankhwala amodzi, pomwe akunena zinthu zosiyana kwambiri.

`429 Too Many Requests` ndi yankho. Seva yakumvani, yakana, ndipo yakuuzani chifukwa chake: mwachulutsa. Pempho lotere nthawi zambiri limabwezedwa pakhomo pomwe, lisanafike kumene amatulutsira ndalama, choncho kulitumizanso mukapumira pang'ono kulibe vuto. `ReadTimeout` ndiye si yankho ayi. Ikutanthauza kuti pempho lanu linanyamuka, munadikira, simunamve kalikonse. Mwina linathera panjira, mwina ndalama zinatuluka koma yankho ndi lomwe linachedwa. Taganizani mwapita pa kanyumba ka ejenti ku Ndirande kukatumiza ndalama kumudzi, uthenga wotsimikizira wachedwa kulowa. Simumuuza ejenti kuti atumizenso. Mumati aone kaye mu foni mwake ngati zachoka. Sikiripiti yanu inatumizanso osafunsa, ndipo ndikukhulupirira kuti mukayang'ana zomwe inalemba tsikulo mupeza kuti anthu 11 aja onse ali pa mzere wa `ReadTimeout`, osati wa `429`.

Ya `429` ndi yosavuta, tiichotse msanga. Poti imayamba pa munthu wa 60, zikuoneka ngati malire anu ndi mapempho 60 pa mphindi, koma tsimikizani m'zolemba za kampaniyo. Ngati ndi choncho, musathamange mpaka kukagunda khoma. Ikani mpata wa masekondi 1.2 pakati pa mapempho, zomwe zikupatsani osaposa 50 pa mphindi. Anthu 400 adzatha m'mphindi 8 kapena kupitirirako pang'ono, ndipo palibe ejenti adzadandaule. `429` ikabwerabe, onani ngati yankho lili ndi `Retry-After`. Ngati ilipo, dikirani nthawi yomwe yanena (imatha kukhala masekondi kapena tsiku ndi ola, ndiye werengani zonse ziwiri). Ngati palibe, dikirani masekondi 2, kenako 4, 8, 16, 32, n'kumaonjezerapo kachidutswa ka sekondi kosankhidwa mwachisawawa. Mukaphatikiza ndi masekondi 62, mphindi ya malire ija yadutsa. Ikakanabe kachisanu, sikiripiti iime ikudziwitseni. Ndipo dziwani kuti malirewa kawirikawiri amawerengedwa pa kiyi ya akaunti, osati pa kompyuta. Ngati mnzanu mu ofesi akuyendetsa yake ndi kiyi yomweyo, mukudyera mbale imodzi.

Tsopano pamene pali ndalama zanu.

Malipiro aliwonse akhale ndi nambala yakeyake yomwe sisintha ngakhale mutumize kakhumi. Ipangeni kuchokera pa sabata ndi munthu, mwachitsanzo `PAY-W23-0147` ya ejenti nambala 147 m'sabata ya 23. Makampani ambiri ali ndi malo oika nambala yotere, ena amaitcha `reference`, ena `transaction_id`, ndipo Stripe imailandira ngati `Idempotency-Key`. Cholinga chake n'chakuti seva ikaona nambala yomwe inaiona kale isalipirenso. Apa ndi pomwe ambiri amagwa: amaika `uuid4()` mkati mwa malo obwerezera, ndiye ulendo uliwonse nambala imakhala yatsopano, seva n'kumaona ngati ndi malipiro atsopano. Inenso ndinazichita zimenezi ndi API ya kampani ina yonyamula katundu. Pa phukusi limodzi lopita ku Chilomoni panabwera anyamata a njinga zamoto awiri, aliyense ndi risiti yake, ndipo ndinalipira onse.

Musangokhulupirira kuti kampani yanu imakana nambala yobwereza. Yesani nokha pa seva yawo yoyeserera: tumizani kawiri ndi nambala imodzi muone chomwe chibwere. Ena amabweza yankho loyamba lija, ena amakana n'kunena kuti nambalayi ilipo kale, ena amangoisunga ngati dzina chabe n'kulipira kawiri.

Nambala ija muilembe mu detabesi musanatumize, ngakhale ikhale SQLite yakafayilo kamodzi, n'kuika chizindikiro `SENDING`. Kuno magetsi amazima osalawira. Akazima sikiripiti ili pa munthu wa 213, mukayatsanso iyenera kudziwa kuti anthu 212 inathana nawo, wa 213 ndi wokayikitsa, otsalawo sanakhudzidwe. Popanda zimenezi iyambira pa woyamba.

Potumiza siyanitsani chonchi:

```python
try:
    r = requests.post(url, json=data, timeout=(5, 30))
except requests.exceptions.ConnectTimeout:
    status = "RETRY"
except requests.exceptions.RequestException:
    status = "UNKNOWN"
```

Nambala 5 ndi masekondi odikira kulumikizana ndi seva, 30 ndi odikira kuti iyankhe. Mukapanda kuika `timeout`, `requests` ikhoza kudikira mpaka kalekale. `ConnectTimeout` ikutanthauza kuti simunalumikizane n'komwe, pempho silinachoke, ndiye bwerezani mosaopa. Zina zonse zapanjira ziikeni pa `UNKNOWN`. Ine ndimaikanso pomwepo `500`, `502` ndi `504`, chifukwa `504` imachokera kwa seva yapakati yomwe yatopa kudikira, pomwe yakumbuyo ikhoza kukhala ikulipirabe.

Tiyeni timutsate ejenti 147 uja. Sikiripiti yalemba `PAY-W23-0147`, yatumiza, masekondi 30 atha kuli zii. Ikulemba `UNKNOWN` n'kupita kwa wa 148, osamuimira. Ikamaliza onse 400, ibwerere kwa okayikitsawo n'kufunsa seva za nambala iliyonse pogwiritsa ntchito njira yofunsira momwe malipiro ayendera. Ikati analipidwa, lembani kuti zatheka, nkhani yatha. Ikati zinakanika, apo mukhoza kutumizanso, kungoti ena amafuna nambala yatsopano pa malipiro omwe anakanika, monga `PAY-W23-0147-B`. Ikati zikadali m'njira, musakhudze, funsaninso pakapita mphindi 5. Yankho lonyenga ndi loti seva sikuidziwa nambalayi. Mukafunsa msangamsanga, seva ikhoza kunena choncho pempho loyamba likadali pamzere mkati mwawo. N'chifukwa chake ndikuti muzifunsa kumapeto, ndipo mufunse kawiri motalikitsa nthawi musanatumizenso ndi nambala yomwe ija. Mafunsowa nawo amatha kuwerengedwa pa malire aja, ndiye mpata wa masekondi 1.2 ukhalepobe.

Amene akhalabe okayikitsa pakatha ola, sikiripiti isawaganizire yokha. Iwatulutse pa mndandanda, munthu ayang'ane pa sitetimenti ya akaunti. Ejenti amene malipiro ake achedwa ndi ola limodzi amangoimba foni kufunsa, pomwe amene walandira kawiri mumupeza atagula kale matumba a simenti.

Za Lolemba, tengani sitetimenti ya Lachisanu ndi zolemba za sikiripiti, muike pambali mizere 11 ija, pa uliwonse muonetse nthawi ya pempho loyamba, nthawi ya `ReadTimeout`, ndi nthawi ya pempho lachiwiri. Abwana akaona kuti onse 11 atsata njira imodzi adziwa kuti panalibe zachinyengo. Kenako mukambirane ndi ma ejentiwo kuti K25,000 yoonjezerayo ikhale malipiro a Lachisanu likubwerali, ndipo mayina awo muwachotse pa mndandanda wa sabata imeneyo musanayendetse sikiripiti.